Maso akule, koma achemwali asasowe

*"Ndimakonda kujambula, papepala ndi pafoni pomwe. Ndinatenga chithunzi cha achemwali anga kuti ndiwajambule mwa anime, ikhale mphatso ya tsiku lawo lobadwa. Chinatuluka chokongola ndithu, koma nditawaonetsa anandifunsa kuti, 'Nanga ameneyu ndiye ndani?' Kodi pankhope n'chiyani chofunika kuchepetsa, nanga n'chiyani chosafunika kukhudza kuti munthu azindikirike?"*

Achimwene, chojambula chanucho sindinachione, koma ndikhoza kulota mmene chinayendera chifukwa nanenso ndinadzera momwemo. Munayamba ndi maso, munawakuza n'kuwathira kuwala kokoma. Pamphuno munaika kadontho, pakamwa kamzere, chibwano n'kuchisongola ngati pensulo. Tsitsi munalimaliza mothamanga chifukwa mtima unali utakhuta kale ndi maso aja. Pomwe mumaika pensulo pansi n'kuti mutajambula nkhope yomwe imapezeka m'makatuni mazanamazana a ku Japan, n'kuiveka bulauzi ya achemwali anu. Iwo anaona bulauzi yawo itavalidwa ndi mlendo, ndiye anafunsa bwino.

Tiyambe ndi komwe kajambulidwe kameneka kanachokera, chifukwa gwero la vuto lanu lili kumeneko. Pamene wojambula makatuni wa ku Japan Osamu Tezuka ndi anzake anayamba kutulutsa katuni ya pa wailesi ya kanema sabata ndi sabata mu 1963, chilichonse chinkajambulidwa pamanja. Mzere umodzi woonjezera pankhope unkatanthauza kuubwereza pamapepala osawerengeka, ndipo anthu oubwerezawo anali ambiri, aliyense ndi dzanja lake. Choncho nkhope inasengulidwa mpaka kutsala zochepa: maso oti aonetse za mumtima, kamphuno kongosonyeza komwe mutu wayang'ana, ndi pakamwa posavuta kutsegula ndi kutseka. Kusiyanitsa anthu m'nkhani anakusiyira tsitsi, mtundu wake ndi zovala. N'chifukwa chake m'makatuni ambiri mukhoza kusinthanitsa tsitsi la atsikana awiri, owonera n'kuwasokoneza mayina. Njirayo inapangidwa kuti nkhope zikhale zosavuta kubwereza, pomwe inu mukufuna nkhope imodzi yokha yomwe ilibe inzake. Ndipo kwa ife vutoli limakula, chifukwa zomwe njirayi imafafaniza poyamba, mphuno ndi milomo, ndi zomwe zimanyamula kufanana kwambiri pankhope zathu zambiri.

Komatu anime si nkhope imodzi ija. Ndi chizolowezi chojambula ndi mizere yochepa, yoyera, ndi mitundu yosasakaniza. Chiwerengero cha mizere n'chochepa, inde, koma malo oikapo mizereyo mumasankha ndinu. Ku Japan komweko kuli anthu ojambula nkhope za anthu enieni, ntchito yomwe amaitcha nigaoe, ndipo luso lawo lonse lagona pa kusankha kumeneku.

Ndiye musankha bwanji? Munthu sitimuzindikira ndi zomwe amafanana ndi aliyense, timamuzindikira ndi pomwe wapatuka. Susan Brennan anazionetsa bwino mu 1982 ku yunivesite ya MIT ku America, pomwe anapanga pulogalamu yoyerekeza nkhope ya munthu ndi nkhope yapakatikati, n'kukulitsa kusiyana kwakeko, ndipo zotuluka zake zinali zithunzi zokokomeza zomwe mwini wake amadziwika msanga. Kwa wojambula phunziro lake ndi ili: chomwe chili wamba pa achemwali anu chichepetseni mopanda chisoni, koma chomwe chili chawochawo chisungeni, mwinanso muchikokere pang'ono. Mukafuna kudziwa chawochawo, musayang'ane kaye chithunzi. Ganizani mmene mungamulozere munthu woti akawachingamire kudepoti koma sanawaonepo. Simunganene kuti ali ndi maso awiri. Munganene kuti ndi amasaya, achipumi, akaseka pamaoneka kampata pamano akumwamba. Zinthu zitatu kapena zinayi zomwe zatuluka pakamwa panu pamenepo zilembeni m'mphepete mwa pepala musanayambe, ndipo zimenezo n'zosakhudza.

Chithunzi chomwe mukuonera nachonso chikhoza kukunamizani. Selefi yojambulidwa foni ili pafupi ndi nkhope imatupitsa zomwe zili kutsogolo n'kubisa makutu. Kafukufuku wina wa madokotala okonza nkhope wa mu 2018 anawerengera kuti pa mtunda wa masentimita 30 mphuno imaoneka yotambalala ndi pafupifupi 30 peresenti kuposa mmene ilili, pomwe pa mita imodzi ndi theka kusinthako kumakhala kochepa zedi. Pemphani chithunzi chojambulidwa ndi munthu wina, chapatali pang'ono, chopanda zosalalitsa khungu za mufoni zija, ndipo kuwala kuchokere mbali imodzi, monga munthu ataima pakhonde m'mawa. Chimodzi sichikwana. Pezani chakutsogolo chimodzi, chachammbali chimodzi, ndi china ali mkati moseka ndi anzawo, chifukwa nkhope ya pachiphaso palibe amene amaidziwa, ngakhale mayi ake.

Ndikuuzeni za ntchito ina yomwe ndinagwira, ya mlamu wanga, kuti tione manambala ake. Ndinakulitsa chithunzi chake mpaka nkhope, kuchoka tsaya ili kufika tsaya linalo, inakwana masentimita 10, kuti kuwerengera kusavute. Diso limodzi m'litali linali 2.1, msinkhu wake kuchoka chikope chapamwamba kufika chapansi unali 0.8. Mpata wa pakati pa maso unali 2.5, mphuno m'munsi mwake 3, pakamwa 3.9. Manambalawa paokha alibe ntchito. Chofunika ndi mmene akukhalirana. Mabuku ophunzitsa kujambula amati pakati pa maso awiri pamalowa diso limodzi ndendende. Kwa mlamu wanga pamalowa diso n'kutsalanso kampata, ndiye kuti maso ake ndi otalikirana. Mphuno yake ndi yotambalala kuposa mpata wa pakati pa maso. Zinthu ziwirizi, pamodzi ndi chibwano chachifupi chozungulira ndi nsidze zowongoka zokhala pafupi ndi maso, ndizo zinali mndandanda wanga wa m'mphepete mwa pepala.

Tsopano maso, pomwe ambiri amagwera. Diso la anime limakula kwambiri mu msinkhu, osati m'litali. Kwa mlamu wanga ndinachotsa m'litali pa 2.1 kufika pa 2.4 basi, koma msinkhu ndinauchotsa pa 0.8 kufika pa 1.4, kutsala pang'ono kuwirikiza. Ndiye nachi chomwe oyamba kumene amaiwala: diso likakula, mpata wa pakati uyenera kukula nawo. Ndikanasiya mpata pa 2.5 maso ali 2.4, maso otalikirana aja akanasanduka maso wamba, ndipo chizindikiro chimodzi mwa zinayi chikanapita osazindikira kuti chapita liti. Ndinaufikitsa pa 2.9. Maso awiri ndi mpata wawo zinatenga 7.7 pa 10, m'malo mwa 6.7 ya pachithunzi, ndipo m'mbali munatsalabe malo. Mukaona kuti maso afika mpaka m'mphepete mwa nkhope, dziwani kuti mwawakuza m'litali mopitirira. Achepetseni, musapanikize mpata wa pakati.

M'diso lenilenilo zambiri zimatayidwa ndipo palibe amene amazisowa. Kanyama kofiira ka pangodya yamkati kamachoka. Timitsempha ta m'choyera cha diso timachoka. Tiubweya ta m'zikope sitijambulidwa kamodzikamodzi, timaphatikizidwa n'kukhala mzere umodzi wonenepa wa chikope chapamwamba, mwina ndi timinga tiwiri kapena titatu kungodya yakunja. Chikope chapansi chimangotsala kamzere kakafupi kopyapyala, ndipo kawirikawiri sikalumikizana n'komwe ndi kapamwamba. Ubongo wa woonera umatseka wokha mpatawo. Chakuda cha diso chimatalikitsidwa kukhala ngati dzira loimirira, kumtunda kwake kodera chifukwa cha mthunzi wa chikope, kumunsi kowalirako, ndi kadontho koyera kamodzi kapena tiwiri kumbali komwe kuwala kukuchokera. Kadonthoko kakhale mbali imodzimodzi m'maso onse awiri, apo ayi munthu amaoneka ngati akuyang'ana kuwiri.

Zosatayika m'diso ndi zitatu. Choyamba ndi kupendekeka kwake. Ikani rula kuchoka ngodya yamkati kufika yakunja pachithunzi, muone ngati yakunja yakwera kapena yatsika. Ojambula a ku Japan ali ndi mayina a zimenezi, tsurime kwa maso okwera kunja, tareme kwa ogwera kunja, chifukwa amadziwa kuti khalidwe lonse la nkhope limatembenukira pamenepa. Mukapatsa munthu wa maso ogwa maso okwera, mwamusintha kukhala wina, wokalipa kuposa mwini wake. Chachiwiri ndi pomwe mzere wa chikope chapamwamba umafika pachimake: ena chimake chili pakati, ena chili chakunja, ena chamkati. Chachitatu ndi kuchuluka kwa chakuda cha diso komwe chikope chaphimba. Alipo anthu a maso aulesi, omwe chikope chimadula chakudacho pafupifupi gawo limodzi mwa atatu. Mukawatsegula maso mpaka chakuda chonse kuonekera, amasanduka munthu wodzidzimuka, ndipo achibale amangoti, "Ayi, iyeyu sayang'ana chonchi."

Mtundu wa diso musausinthe. Ndikudziwa kuti bulauni wakuda amaoneka wosasangalatsa mukayerekeza ndi maso obiriwira a m'makatuni, koma mukhoza kumuwalitsa kumunsi kokha, kukhale ngati tiyi wopanda mkaka mukamuunika padzuwa, ndipo diso limakhala ndi moyo osasiya kukhala la mwini wake.

Nsidze ndimazipatsa ulemu kuposa maso, ndipo pali chifukwa. Mu 2003 akatswiri a ku MIT, Javid Sadr, Izzat Jarudi ndi Pawan Sinha, anafufuta nsidze pazithunzi za anthu otchuka, pazithunzi zina n'kufufuta maso. Anthu anavutika kwambiri kuzindikira nkhope zopanda nsidze kuposa zopanda maso. Pomwepo n'kuti anime wamba amajambula nsidze ngati kaulusi kopyapyala kolenjekeka kutali pamwamba pa diso, kofanana kwa aliyense. Inu musatero. Tsitsi la m'nsidze lisajambulidwe limodzilimodzi, likhale chibanthu chimodzi chodzaza, koma kunenepa kwake, pomwe chapindikira, pomwe chayambira ndi kutalikirana kwake ndi diso zitengedwe pachithunzi monga zilili. Pali kamsampha apa: diso likakula chokwera limakankha nsidze, ndipo wojambula amazisunthira m'mwamba mowolowa manja. Kwa mlamu wanga, yemwe nsidze zake zimakhala pafupi, ndinakulitsira diso kwambiri chotsika, kumbali ya tsaya, n'kusiya nsidze zitatsala pang'ono kukhudza chikope. Nkhope yake yooneka ngati akukuwerengera ngongole inabwera pomwepo.

Pamphuno ndi pomwe ndimasiyana maganizo ndi mabuku ambiri ophunzitsa anime. Kadontho kaja kamagwira ntchito pankhope yomwe mphuno yake si nkhani. Kwa munthu wa mphuno yotambalala, kuika kadontho n'kumuchotsa mtundu wake ndi banja lake lomwe, chifukwa mphuno ndi yomwe imayenda m'magazi. Koma simufunikanso kuijambula yonse. Msana wa mphuno usiyeni wopanda mzere. Jambulani timizere tiwiri topindika tosonyeza mapiko a mphuno, ndi kamzere kamodzi kapena kamthunzi pansi pa nsonga. Mabowo asakhale madontho awiri akuda ozungulira, chifukwa pankhope ya mizere yochepa madontho amenewo amakoka maso kuposa china chilichonse, ndipo zotsatira zake mwini wake sangakuthokozeni nazo. Ya mlamu wanga ndinaichepetsa pang'ono chabe. Inachepa kuti igwirizane ndi kajambulidwe, koma inakhalabe mphuno yooneka, ya timizere titatu.

Milomo nayo chimodzimodzi. Mzere weniweni ndi umodzi, wa pomwe milomo iwiri yakumana, ndipo umenewo utsatire mwini wake: kutalika kwake, kupindika kwa pakati, ngodya yomwe imakwera kuposa inzake akamamwetulira. Kunenepa kwa milomo kusonyezeni ndi mtundu, osati ndi mzere wozungulira. Mlomo wapamwamba upakeni moderako kuposa khungu, wapansi mowalirako, pansi pake n'kuika kamzere kakafupi ka mthunzi. Mukazunguliza milomo yonse ndi mzere wakuda n'kuipaka kuyera kapena kufiira kowala, mumagwera m'kajambulidwe kachipongwe kaja komwe anthu akuda ankanyozedwa nako m'makatuni akale, ndipo ena a ku Japan nawonso anakatengera. Mano amakhala chibanthu chimodzi choyera chopanda malire a dzino ndi dzino. Koma ngati achemwali ali ndi kampata pamano, kamzere kamodzi kameneko kaikeni, n'kamtengo wapatali kuposa mizere makumi awiri kwina.

Mizere yochoka m'mbali mwa mphuno kutsikira kukamwa ndi yoopsa. Pachithunzi imaoneka pa aliyense womwetulira, ngakhale mwana. Koma m'chilankhulo cha anime mzere umenewo umatanthauza ukalamba, ndipo mukauika wonse pa mtsikana wa zaka 25 amatuluka ngati azakhali ake. Usiyeni, kapena muike kachidutswa kake kakang'ono pafupi ndi phiko la mphuno. Chimodzimodzi matumba a pansi pa maso ndi makwinya a pamphumi. Kadontho kobadwa nako, chipsera chodziwika, kapena kudyoka kwa tsaya akamaseka, zimenezo zisungeni pamalo ake enieni, mbali yake yeniyeni. Kumbukirani kuti selefi zambiri zimatembenuza nkhope ngati kalilole, ndiye funsani kuti kadonthoko kali tsaya liti.

Chibwano chosongoka chija ndi mbala yaikulu kuposa zonse, chifukwa chimaba mwakachetechete. Mzere wozungulira nkhope umasalazidwa, timabampu ta mafupa timachoka, kumatsala ngodya ziwiri kapena zitatu mbali iliyonse. Koma ngodyazo zikhale pomwe mwini wake ali nazo. Onani pomwe nkhope yatambalala kwambiri, kaya ndi pamasaya kapena pansagwada, ndi pomwe nsagwada yakhotera kulowera kuchibwano, kaya ndi pa mzere wa pakamwa kapena mmunsi mwake. Munthu wa nkhope yozungulira akhale wozungulira. Ndinaphunzira zimenezi mochititsa manyazi pa amalume anga, omwe ndinawapatsa chibwano cha mnyamata wa m'katuni pansi pa dazi lawo. Anayang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti ndawajambula atadwala.

Tifike patsitsi, pomwe pali ntchito yambiri ndi phindu lambiri. Munthu timamudziwa ali patali, maso ake tisanawaone, chifukwa cha mmene mutu ndi tsitsi zaumbikira. Choncho choyamba kujambula ndi mzere wakunja wa tsitsi lonse, ngati kuti ndi chipewa, ndipo chachiwiri ndi malire a tsitsi pamphumi. Malire amenewa anthu amawapeputsa, chonsecho ndi omwe amanena kukula kwa chipumi, ngati tsitsi linalowa m'mbali, ngati lili ndi kansonga pakati. Anime wamba amabisa malirewa ndi tsitsi logwera pamphumi. Achemwali anu ngati saligwetsera pamphumi, inu musawagwetsere, chifukwa mukatero mwaphimba gawo limodzi mwa atatu la nkhope yawo ndi tsitsi la munthu wina.

Mkati mwa mzere wakunjawo, tsitsi limagawidwa m'magulu akuluakulu. Njira ya m'mabuku, ya timagulu tosongoka ngati masamba a chimanga, inapangidwira tsitsi lowongoka, ndipo imagwira pa wigi kapena tsitsi lowongoledwa. Pa tsitsi lathu lachilengedwe siigwira. Tsitsi losaluka, lofufuma, limafuna mzere wakunja wa timapindi ting'onoting'ono tosalingana kukula, mkati n'kungodzaza mtundu umodzi, ndi timizere topota towerengeka pomwe kuwala kwakumana ndi mthunzi. Mukadzaza mutu wonse ndi timizere topota, limaoneka ngati waya wotsukira mapoto. Kwa wometa mpala kapena wometa chapansi, ntchito yonse ili pa kaumbidwe ka chigaza ndi pa malire aja, ndiye muzitsatire mosamala ngati mmene wometa amachitira ndi lezala.

Mlamu wanga anali ataluka mizere yopita kumbuyo, ndipo nditawerenga pachithunzi inali 11. Ndinajambula 7. Palibe amene anawerenga, ngakhale iye mwini, chifukwa chomwe diso limagwira ndi komwe mizereyo ikulowera, kunenepa kwake poyerekeza ndi mutu, ndi khungu looneka pakati pake. Ndikanajambula yonse 11, iliyonse ndi mfundo zake zonse, mutu ukanalemera kuposa nkhope, chifukwa nkhopeyo ili ndi mizere yosakwana makumi atatu. Mfundo za kuluka ndinaziika pa mizere itatu yakutsogolo yokha, ndipo ngakhale pamenepo ndinazijambula pafupi ndi mphumi n'kumazizimiriritsa popita kumbuyo. Woonera akaona kuluka pamalo amodzi amakhulupirira kuti kuli ponse. Kwa mangongo ataliatali ogwera m'mapewa lamulo ndi lomwelo: awiri kapena atatu akutsogolo ajambulidwe bwinobwino, otsalawo akhale chibanthu chimodzi chakuda chokhala ndi nsonga zoonekera kumapeto.

Mkombero wowala wozungulira mutu uja, womwe a ku Japan amautcha mkombero wa mngelo, ndi kuwala kwa tsitsi losalala. Patsitsi loluka kapena lofufuma umaoneka ngati mbale ya pulasitiki. M'malo mwake ikani tizigamba towala todukaduka, tosawala kwambiri, pamsana pa mzere uliwonse woyang'ana kuwala. Tsitsi lakuda musalipake kuda kwenikweni. Lipatseni bulauni kapena buluu wodera kwambiri, kuti mizere yanu ndi mthunzi zikhale ndi poonekera.

Pakhungu, anime amagwiritsa ntchito mitundu iwiri kapena itatu yokhala ndi malire akuthwa: mtundu weniweni, mthunzi, ndi kuwala. Cholakwika chomwe ndimachiona kawirikawiri ndi kutola mtundu pachipumi kapena pansonga ya mphuno, pomwe pamanyezimira, ndipo munthu amatuluka woyererapo kuposa mmene alili. Tolani patsaya, pamalo pomwe sipakuwala komanso sipali mumthunzi. Ngati mukugwiritsa ntchito pulogalamu yojambulira monga ibisPaint X kapena Krita, mthunzi uikeni pa leya yakeyake, muisinthe kukhala Multiply, ndipo mtundu wake ukhale wopita kofiirira kapena kwa pepo, osati wotuwa, chifukwa mthunzi wotuwa pakhungu lakuda umaoneka ngati phulusa. Kwa mlamu wanga nambala ya mtundu weniweni m'pulogalamuyo inali pafupi ndi #6B4331, mthunzi n'kutsikira cha ku #4A2A2B, kuwala cha ku #94634A. Khungu likakhala lakuda kwambiri, mizere yopyapyala ya mphuno imamira. Musayeretse khungu kuti mizere ioneke. Lolani kuwala kugwire ntchito ya mzere. Kachigamba kowala pansonga ya mphuno, kena pamwamba pa tsaya, kena pamlomo wapansi, zimaumba nkhope bwino kuposa inki.

Mukamaliza musathamangire kwa mwini wake. Pangani leya ina, mudzaze mutu wonse ndi tsitsi lomwe ndi kuda bii, muone ngati chithunzithunzi chokhacho chikukukumbutsani munthuyo. Ngati sichikutero, vuto lili pa nsagwada kapena pa tsitsi, ndipo kukongoletsa maso sikungathandize. Kenako chepetsani chojambulacho mpaka chifanane ndi kachithunzi ka pa WhatsApp, muchiike pambali pa chithunzi chenicheni chochepetsedwa chimodzimodzi. Pa kukula kumeneko zokongoletsa zonse zimasowa, kumatsala mipata yokha, ndipo cholakwika chimadzionetsa chokha. Mukaona kuti munthu wamkulu watuluka ngati mwana wa sitandade 3, ndiye kuti maso mwawatsitsa kwambiri, chipumi chakula, ndipo kuchoka pamphuno kufika pachibwano pafupika. Kwezani maso abwerere chapakati pa mutu ndipo mutalikitse kumunsiko. Mukaona kuti akufanana ndi m'bale wake koma osati iyeyo, ndiye kuti mafupa mwawapeza, chasowa ndi kayang'anidwe, ndipo mubwerere ku nsidze, chikope ndi ngodya za pakamwa. Kutembenuza chojambula ngati pakalilole kumathandiza kuona diso lomwe lakwera kuposa linzake, koma samalani kuti musawongole kupendekeka komwe mwini wake ali nako, poti nkhope yolingana ndendende mbali zonse ilibe mwini.

Woyesa womaliza akhale mwana wa pakhomopo, wa zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, ndipo musamuuze kanthu, mungomufunsa kuti uyu ndani. Akuluakulu amakunyengererani, komanso amaonera bulauzi ndi ndolo, ndiye muziphimbe ndi dzanja. Mwini wake ndi woweruza wovuta kuposa onse, chifukwa nkhope yomwe amaidziwa ndi ya pakalilole, ndipo mumtima amafuna mumuchepetseko masaya. Chojambula cha mlamu wanga chinalephera ulendo woyamba: mwana wake anayang'ana n'kutchula dzina la mng'ono wa amayi ake. Nditabwerera ku zithunzi zitatu zija ndinapeza kuti pa zonse mlamuyo amaseka chopendekera kumanzere, ngodya imodzi yokwera, diso la mbali yomweyo litatsinzinirako, pomwe ine ndinali nditamuwongola bwinobwino. Ndinafufuta theka la mzere wa pakamwa, n'kulikweza ndi mamilimita awiri, chikope chapansi cha diso lakumanzere n'kuchikankhira m'mwamba pang'ono. Nditamuitananso mwana uja, sanadikire n'komwe kuti ndifunse. Analanda foni n'kuthamangira nayo kukhitchini akukuwa kuti amayi alowa mu katuni.